Njira ziwiri zodzutsira munthu wa m'gemu atagwa ngati chidole cha nsanza mu Unreal Engine

M'gemu yomwe ndikupanga kuno ku Thyolo muli mnyamata amene amagundidwa ndi njinga ya kabaza pamtsetse wa m'munda wa tiyi. Kumugwetsa sikuvuta. Ndimazimitsa `Character Movement`, ndimayatsa `Set All Bodies Below Simulate Physics` kuyambira pa fupa la `pelvis`, kenako ndimamukankha ndi `Add Impulse`. Ntchito yeniyeni ili pomudzutsa, ndipo ndayesa njira ziwiri.

Yoyamba ndi kutsitsa `Set All Bodies Below Physics Blend Weight` kuchoka pa 1 kufika pa 0 m'masekondi 0.4, animeshoni yodzuka ikuyamba. Njirayi ndi yachidule, ndipo pomenyedwa pang'ono, monga phewa kugwedezeka munthu ali chiimire, ndi yomwe ndingakulimbikitseni. Koma nthawi yonse yosakanizayo fizikisi imakhala ikugwirabe ntchito, choncho pamtsetse thupi limapitiriza kutsetsereka pomwe animeshoni ikulikokera kumtunda, ndipo mikono imanjenjemera mooneka ndithu.

Yachiwiri ndi `Save Pose Snapshot`, yomwe imasunga mmene fupa lililonse lagonera. Mukasunga, mumazimitsa fizikisi, ndipo mu `AnimGraph` mumasakaniza `Pose Snapshot` ndi animeshoni yodzuka. Popeza mukuchokera pa thupi losasuntha, kunjenjemera kuja kulibe. Ine ndimadikira kuti liwiro la chiuno litsike pansi pa masentimita 10 pa sekondi kwa theka la sekondi, kenako ndimaona komwe chiuno chaloza kuti ndisankhe pakati pa kudzuka kwa munthu wogona chagada ndi kwa wogona chafufumimba.

Chimene chinandidyera masiku ndi ndondomeko ya masitepe. Thupi likamagubuduka, `Capsule Component` imatsala pomwe ngozi inachitikira. Mnyamata wanga anagubuduka mamita 4, ndipo ine ndinasunga kagonedwe kake kaye, kenako n'kusamutsira kapisozi pomwe panali chiuno. Koma chosungidwacho chimawerengera malo a chiuno kuchokera pa `root`, yemwe amayenda ndi kapisozi, motero mtunda uja unawerengedwa kawiri. Mnyamatayo anaonekera mamita enanso 4 kumunsi, n'kuuluka chobwerera pamwamba pa tiyi. Mukaona munthu akudumpha mtunda wofanana ndendende ndi womwe anagubuduka, vuto ndi limeneli. Yambani mwasamutsa kapisozi, mutapeza nthaka ya pansi pa chiuno ndi `Line Trace By Channel`, mutembenuze kapisoziyo kuti igwirizane ndi komwe thupi laloza, mudikire fulemu imodzi, ndipo mukatero musunge kagonedwe musanazimitse fizikisi.

Njira yachiwiriyi ili ndi malire ake, chifukwa munthu akagundidwanso ali mkati modzuka sagwedezeka mpaka mutayatsanso fizikisi, ndipo ngati anagona mwendo utapindikira pansi pa thupi, bondo limatha kulowa m'nthaka pang'ono posakaniza. Ngakhale zili choncho, pogwa kwathunthu pamalo otsetsereka ndasankha yachiwiriyi, ndipo yoyamba ndaisiyira zibakera ndi kukankhana.