Bilu kapena bondi: kobwereketsa boma K800,000 yanu yoyamba

Banki yaikulu ya Reserve, yomwe likulu lake lili ku City Centre kuno ku Lilongwe, imatulutsa zilengezo zoitana anthu kuti abwereketse boma ndalama. Zilengezozi zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo zilipo za mitundu iwiri. Cha mutu wa "Treasury Bills" ndi cha mabilu, ngongole ya masiku 91, 182 kapena 364. Cha "Treasury Notes" ndi cha mabondi, ngongole ya zaka 2, 3, 5, 7 kapena 10. Tiyerekeze kuti mwasunga K800,000 ndipo mukufuna kusankha.

Tiyambe ndi bilu. Iyi silipira chiwongoladzanja panjira. Mumaigula motsika mtengo, kenako tsiku lake likakwana boma limakupatsani ndalama yonse yolembedwa pa biluyo. Mu 2024 bilu ya masiku 364 inkapereka pafupifupi 26 peresenti. Pa mlingo umenewo, bilu ya K1,000,000 mungaigule pafupifupi K794,100, ndipo phindu lanu pakutha pa chaka ndi K205,900.

Pomwe anthu ambiri amapusitsika ndi pa bilu ya masiku 91. Akaona 16 peresenti amaganiza kuti miyezi itatu ikatha alandira K16 pa K100 iliyonse. Ayi ndithu, mlingowo ndi wa chaka chathunthu. Bilu ya K1,000,000 mungailipire pafupifupi K961,640, phindu n'kukhala K38,360 basi. Choncho mukaona peresenti pa chilengezo, yang'anani kaye masiku omwe ali pansi pa "Tenor".

Bondi imayenda mosiyana chifukwa ili ndi manambala awiri ooneka ngati akutsutsana. "Coupon" ndi chiwongoladzanja chomwe boma limakulipirani pa chaka, m'zigawo ziwiri, miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. "Yield" ndi phindu lanu lenileni poganiziranso mtengo womwe mwagulira. Titenge chitsanzo cha bondi ya zaka 2 ya K1,000,000, ya "Coupon" 10 peresenti, yomwe yagulitsidwa pa "Yield" ya 28 peresenti. Mungailipire pafupifupi K737,800. Mudzalandira K50,000 kanayi, kenako K1,000,000 pamapeto, zonse pamodzi K1,200,000. Munthu wongoona 10 peresenti ija angaikane bondiyi kuti ndi yosapindulitsa, chonsecho gawo lalikulu la phindu labisala mu mtengo wotsikawo.

Pa manambala okha, bondi ikuoneka yopambana. Komabe ine ndingamuuze woyamba kumene kuti ayambe ndi bilu, ndipo chifukwa changa ndi nthawi. Ndalama za ambiri a ife zili kale ndi ntchito yoziyembekezera: fizi ya ana mu Seputembala, feteleza mvula isanagwe, malata a nyumba yomwe ikumangidwa ku Area 25. Bilu mungaisankhe kuti ithere pafupi ndi tsiku lomwe ndalamayo ikufunika. Bondi ya zaka 5 ilibe nazo ntchito zoti kunyumba kwagwa vuto. N'zoona kuti mungaigulitse isanathe, kudzera ku banki kapena kwa ogulitsa masheya, koma wogulayo ndiye amanena mtengo. Ngati chiwongoladzanja chakwera m'dziko kuchokera pomwe munagula, bondi yanu imatsika mtengo ndipo mutha kulandira zochepa kuposa zomwe munalipira.

Palinso kukwera mitengo kwa zinthu. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Yemwe anali ndi bilu yaifupi analandira ndalama zake msanga n'kusankha poziikanso. Wa bondi yaitali anapitiriza kulandira makwacha omwe aja, koma ogula zochepa pamsika. Bondi imakomera mwini wake zinthu zikatembenuka: chiwongoladzanja chikamatsika, iye amakhalabe pa mlingo wokwera womwe anagulira, pomwe wa bilu amaikanso ndalama zake pa mlingo wotsika. Ndiye ngati muli ndi ndalama yoti simuikhudza zaka zingapo, ndipo mukufuna kakudontha kawiri pa chaka, bondi ndi yanu.

Kagulidwe n'kofanana. Pitani ku banki yanu kapena kwa ogulitsa masheya ovomerezeka tsiku la malonda lisanafike, popeza iwo ndiwo amakutumizirani pempholo. Pa malondawa mabanki ndi makampani a penshoni amapikisana potchula mlingo womwe akufuna, ndipo wotchula wokwera kwambiri akhoza kukanidwa. Inu auzeni kuti simukupikisana nawo, mulandira mlingo wapakatikati womwe utuluke. Onetsetsani kuti ndalama zili mu akaunti pofika tsiku la "Settlement Date", lomwe ndi tsiku lolipira. Pa phindu la zonse ziwiri amadulapo msonkho wopita ku MRA, choncho pemphani kuti akulembereni ndalama yomwe ilowe m'manja mwanu msonkho ndi ndalama ya ntchito yawo zitachotsedwa, musanasaine fomu.