Uta wautali, uta wopingasa ndi kamzinga kam'manja pambuyo pa miyezi yoombera

Papita miyezi yambiri chigulireni mauta awiri opangidwa motengera zida zakale za ku Ulaya. Woyamba ndi uta wautali wa mtengo wotchedwa yu, ndipo wachiwiri ndi uta wopingasa wachitsulo, umene umakhala pa thunthu longa la mfuti. Kamzinga kam'manja ndi ka gulu limene ndimaombera nalo kuno ku Mangalande, ndipo timakaika onga wokhawokha popanda chipolopolo.

Uta wanga wautali umafuna mphamvu yonga yonyamulira makilogalamu 30 kuti ukokeke, ndipo ngakhale pano phewa limayamba kunjenjemera mivi isanathe m'phodo. Mauta amene anapezeka m'sitima yankhondo ya Angelezi yotchedwa Mary Rose, imene inamira mu 1545 ndi kuvuulidwa mu 1982, akatswiri amati ambiri ankafuna mphamvu yoposa makilogalamu 45, ena kufika cha m'ma 80. Mphamvu yotere siibwera m'miyezi, ndipo n'chifukwa chake mu 1363 Mfumu Edward III ya ku Mangalande inalamula kuti amuna aziphunzira kuponya mivi Lamulungu ndi masiku a zikondwerero. Uta wopingasa, munthu amene sanaugwirepo amayamba kulasa chandamale tsiku lomwelo, popeza chingwe chikakoledwa chimadikira chokha iye akuloza mosafulumira.

Chimene chimanyenga ogula ndi kulemera kwa kakokedwe. Wopingasa wangawu ndi wa makilogalamu 150 ndipo ndimaukoka ndi chitsulo chokanulira, koma muvi wake supita kutali kasanu kuposa wa unzake, chifukwa chingwe chimaukankha pa mtunda wa masentimita pafupifupi 15 okha, pamene pa uta wautali chimaukankha kupitirira theka la mita. Ndikamakola chingwe ndi kuika muvi umodzi, mnzanga wa uta wautali amakhala ataponya iwiri kapena itatu, ndipo nthawi yonseyo ndimakhala nditawerama, osaona zimene zikuchitika kutsogolo.

Kuwerama kumeneku ndi kumene kwandimvetsetsa nkhondo ya ku Crécy ya pa 26 Ogasiti 1346, pamene Angelezi a mauta aatali anagonjetsa Afalansa. Asilikali aganyu a ku Genoa, amene ankamenyera Afalansa ndi mauta opingasa, anatumizidwa kutsogolo atatopa ndi ulendo, zishango zawo zazikulu zobisaliramo pokoka chingwe zitatsalira m'ngolo za katundu. Olemba mbiri amatchulanso mvula imene inagwa nkhondo isanayambe, ndipo mfundo imeneyi ndimaimva, chifukwa chingwe cha uta wautali ndimachichotsa ndi manja n'kuchiika m'thumba, pamene cha wopingasa sichichoka popanda chipangizo. Komabe ndikuona kuti kusowa kwa zishango ndi kumene kunawagonjetsa. Atayamba kubwerera m'mbuyo, asilikali a pa akavalo a mbali yawo yomwe anawapondaponda. Angelezi nawo anali otetezeka pa chitunda, koma ku Patay mu 1429, kumene akavalo a Afalansa anawapeza asanamalize kukhoma zisonga zawo zotchingira akavalo, uta wautali womwewo sunawapulumutse.

Pa kasamalidwe, uta wautali wayamba kukhala wopindika pang'ono ngakhale nditachotsa chingwe, chimene chili chizindikiro chakuti mtengo wa mbali yoyang'ana woponya wapsinjika ndipo liwiro la muvi latsikako. Wopingasa umafuna mafuta oletsa dzimbiri ndiponso phula pa chingwe pamene chimakhula thunthu.

Kamzinga ndi kovuta kuposa onsewo. Ndi mpope waufupi wolumikizidwa ku ndodo, wofanana ndi umene unafukulidwa pa linga la Tannenberg ku Jeremani, limene linagwetsedwa mu 1399. Onga umalowera kukamwa n'kusinjidwa ngati mfuti ya gogodela, koma palibe chokhethemulira, ndipo moto umaperekedwa ndi dzanja pa kabowo kapamwamba, moti maso amapita pa kabowoko m'malo mwa chandamale. Mukaomba kangapo, mwaye umatseka kabowo, ndipo mukapanda kutsuka ndi madzi otentha tsiku lomwelo, mwayewo umakoka chinyezi n'kuyambitsa dzimbiri.

Ubwino wake unali wakuti chipolopolo chinkatha kuboola zovala zachitsulo pafupi, phokoso linkaopsa akavalo, ndipo mlimi ankaphunzira msanga. Otsatira a mlaliki Jan Hus ku Bohemia, motsogozedwa ndi Jan Žižka cha m'ma 1420, anathetsa vuto la kuchedwa poika oombera timizinga pamodzi ndi a mauta opingasa kuseri kwa ngolo zomangiriridwa ndi unyolo. Kwa munthu wogula lero amene sangapite kukaombera mlungu uliwonse, ndingalangize uta wopingasa, chifukwa ndikadumpha milungu ingapo, uta wautali umandikanika kuukoka mpaka kukhutu.