Ndalama zadzidzidzi tizisunge kuti: mufoni, kubanki kapena ku banki m'khonde?

Anthu akamakangana za malo abwino osungira ndalama amathamangira kufunsa kuti kumene zimaswana kwambiri ndi kuti. Funso limenelo ndi loyenera pa mpamba wa bizinesi. Pa ndalama yodikirira matenda, maliro kapena denga losasuka ndi mphepo, funso langa ndi lina: Loweruka usiku mu Febuluwale, mvula ikugwa, ndi ndalama zingati zimene zingafike m'manja mwanu pasanathe maola awiri? Njira zitatuzi ndaziyeza ndi muyeso umenewo.

Tiyerekeze mayi wogulitsa usipa amene amakhala ku Lifuwu m'boma la Salima ndipo wakwanitsa kupatula K300,000. Mwana wake wadwala, ku chipatala cha boma cha Salima awauza kuti apite ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Kuchipatala cha boma salipira, koma pafunika galimoto kapena njinga yamoto yochokera ku Lifuwu kukafika pa boma, chakudya cha wodikirira wodwala, ndi mankhwala ena amene angauzidwe kuti akagule okha. Tinene kuti usiku womwewo pafunika K60,000, ndipo m'sabata yotsatira pafunika K150,000 ina.

Ndiyambe ndi banki m'khonde, chifukwa ndi kumene amayi ambiri kuno amaika ndalama zawo, komanso ndi kumene kuli kusamvetsetsa kwakukulu. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo inakonzedwa kuti ndalama isamagone m'bokosi. Mamembala amagula masheya pa msonkhano uliwonse, kawirikawiri kuyambira imodzi mpaka asanu, ndipo ndalamayo imabwerekedwa tsiku lomwelo. Gulu loyenda bwino ndi lomwe bokosi lake limatsala lopanda kanthu akamabalalika. Choncho mayi wathu akagogoda kwa msungichuma usiku, amupeza ndi mtima wabwino koma ndalama palibe. Ngakhale itakhalamo, bokosi lili ndi maloko atatu ndipo makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, komanso malamulo salola kulitsegula gulu lisanakumane. Chimene chimateteza ndalamayo kwa mbava ndi chomwecho chimamutsekera mwini wake kunja.

Nthawi nayo imavuta. Magulu ambiri amagawana mu Disembala n'kuyambanso mu Januwale. Ngati sheya ndi K2,000 ndipo mayiyu amagula asanu sabata iliyonse, kuti afike pa K300,000 pafunika masabata 30. Mu Febuluwale amakhala ali ndi pafupifupi K70,000 chabe, ndipo aliyense m'gulumo akufuna ngongole ya feteleza, ya fizi ndi ya chimanga. Miyezi imene malungo ndi njala zimavuta kwambiri ndi imene bokosi limakhala lowonda.

Tsono m'magulu ambiri masheya anu simungawatape pakati pa chaka. Chimene mungachite ndi kubwereka, ndipo magulu ambiri amalola mpaka katatu ka zimene mwasunga. Mayiyu akabwereka K150,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, monga magulu ena amachitira, mwezi uliwonse awonjezera K30,000. Akachedwa miyezi itatu chifukwa anali kuchipatala osagulitsa nsomba, ndi K90,000. Zoona, gawo lina lidzamubwerera pogawana, koma lalikulu lidzapita kwa anzake. Ngongole ya gulu imakoma kwa munthu amene akukapikula usipa kuti aupindulitse, osati kwa amene akukadikirira wodwala.

Chothandiza chenicheni pa mavuto ndi kathumba ka zadzidzidzi kamene mamembala amasonkha padera. Kameneko amapereka mopanda chiwongoladzanja, koma ndi kochepa, kongokwanira thiransipoti kapena chipepeso. Ndipo ndalama za gulu palibe boma kapena inshulansi imene imaziteteza. Membala akathawa ndi ngongole kupita ku Joni, mumagawana kuluzako nonse. Zizindikiro za gulu lomwe layamba kudwala sizibisika: mlembi akulemba m'mabuku kunyumba kwake osati pamaso pa anthu, ndalama sizikuwerengedwa mokweza potseka msonkhano, anthu akunja akubwereka kudzera m'dzina la membala, kapena munthu mmodzi wasunga makiyi awiri “kwa kanthawi”.

Ndalama ya mufoni ndiyo imapambana pa liwiro, palibe kutsutsa. Airtel Money, yomwe inayamba mu 2012, mumalowa ndi *211#, ndipo TNM Mpamba, yomwe inabwera mu 2013, ndi *444#. Mayi wathu angathe kumulipira wa njinga yamoto pompo osagwira ndalama yapepala. Ali ku Lilongwe, achibale amutumizira pa nambala yomweyo. Foni ikagwera m'madzi kapena kubedwa, ndalama sinapite, chifukwa siikhala m'foni. Makampaniwa amalamulidwa ndi Reserve Bank kusunga ndalama za makasitomala m'maakaunti apadera kumabanki. Mukapita ndi chiphaso cha unzika n'kutenga simu ina ya nambala yomweyo, mupeza zonse zilimo.

Apa pali msampha umene anthu amauzindikira mochedwa. Simu iyenera kukhala yolembetsedwa m'dzina lanu. Amayi ambiri akugwiritsa ntchito nambala imene analembetsa mwamuna wawo, mlongo wawo kapena mnyamata wa pamsika. Tsiku limene simu yatayika, kapena banja lasokonekera, pamaso pa kampani ndalamayo ndi ya mwini chiphaso.

Vuto lachiwiri ndi ejenti. Kukhala ndi K300,000 mufoni sikutanthauza kuti muitapa pamene mwafunira. Ejenti wa ku Lifuwu kapena ku Khombedza amagwira ntchito ndi ndalama yake yochepa, ndipo madzulo kuyankha kwake kumakhala “ndilibe kashi, bwerani mawa”. Pa Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, maejenti ndi ambiri, mungathe kutapa pang'onopang'ono kwa atatu, koma kutapa kulikonse amadula, ndiye kuduladula kumakwera mtengo kuposa kutapa kamodzi. Onjezani netiweki yomwe imasowa magetsi akazima nthawi yaitali, ndi batire la foni yanu.

Komabe zimene zimadya ndalama za mufoni kwambiri si netiweki. Ndi akuba olankhula mokoma, ndi mwini wake yemwe. Uthenga woti “ndalama ija mutumize pa nambala iyi” tonse tinaulandirapo. Wina amaimba ngati wa kukampani n'kunena kuti akaunti yanu itsekedwa mukapanda kutchula nambala yachinsinsi. Wina amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati mwalandira ndalama, kenako n'kulira kuti walakwitsa, mumubwezere. Mankhwala ake ndi kuyang'ana nokha zimene zatsala mu akaunti musanabweze kalikonse, ndipo nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale ejenti amene mumapemphera naye. Isakhalenso chaka chanu chobadwa, chifukwa chalembedwa pa chiphaso chimene mumasunga limodzi ndi foni. Za mwini wakeyo n'zodziwika: mayunitsi lero, bando mawa, kubetcha mpira Loweruka, mphwanu wapempha K5,000. Komanso ngati munatenga kangongole ka pafoni, ndalama ikangolowa amayamba adula kaye. Thumba la zadzidzidzi lisakhale pa nambala yomwe ili ndi ngongole.

Banki ndi yosasangalatsa, ndipo pa ntchito iyi kusasangalatsako n'kwabwino. Ndalama ili patali pang'ono ndi zala zanu. Mabanki amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, ndipo kuyambira 2023 kuli Deposit Insurance Corporation, yomwe imabwezera osunga ndalama mpaka mulingo woikika ngati banki itagwa. K300,000 ya mayi wathu ili mkati mwa mulingowo. Kale chodandaula chinali mtunda: nthambi zili pa boma, Loweruka masana atseka, Lamulungu osatsegula, ndipo makina otapira ndalama amatha kuuma pa malipiro a mwezi. Lero zimenezo zinachepa ngati akaunti mwailumikiza ku foni. National Bank ili ndi *626#, Standard Bank *247#, ndipo mabanki enanso ali ndi manambala awo, moti mungathe kukankha ndalama kuchoka kubanki kupita ku Airtel Money kapena Mpamba muli kunyumba.

Kulumikizako kuchitike lero, osati tsiku la vuto. Mukalembetsa, yesani kutumiza K2,000 kuti muone ngati ikufika komanso amadula zingati. Muzibwereza miyezi ingapo iliyonse, chifukwa akaunti ikakhala nthawi yaitali osagwedezeka amaigoneka, ndipo kuidzutsa kumafuna kupita nokha ku nthambi ndi chiphaso. Funsaninso zinthu zitatu potsegula: ndalama yotsalira imene simungatape, zimene amadula pamwezi, ndi malire a zimene mungatumize patsiku. Akaunti yodula K1,500 mwezi uliwonse imadya K18,000 pachaka, zomwe zingapose chiwongoladzanja chonse cha K300,000.

Chofooka chenicheni cha banki ndi kugwa kwa kwacha. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mitengo inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. M'chaka chotero, K300,000 ngakhale itabala K12,000 kubanki imagula zimene K240,000 inkagula poyamba. Mufoni n'chimodzimodzi. Ndi banki m'khonde yokha imene ingathamange ndi mitengo, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti mutulukemo. Kungoti thumba la zadzidzidzi muziliwonjezera mukagawana mu Disembala, apo ayi lidzakhala lokwana pa pepala pokha.

Ndikanakhala mayi wa ku Lifuwu uja, K300,000 ndikanaigawa motere. K200,000 kubanki, pa akaunti yolumikizidwa ku foni. K70,000 mufoni, pa simu ya m'dzina langa yomwe sindigulira mayunitsi, makamaka ya netiweki imene imagwira bwino kwathu. K30,000 yapepala m'nyumba, yokulunga m'pulasitiki ndi kuika pamwamba, poti madera a m'mbali mwa Lingadzi ndi Linthipe madzi amalowa m'nyumba osagogoda. Usiku wa vuto, yapepala ndi ya mufoni zikwanira K60,000 ija n'kutsalako. M'mawa ndikankha K150,000 kuchoka kubanki n'kukatapa ku Lilongwe, kumene maejenti ali ndi kashi. Ku gulu ndipempha kathumba ka zadzidzidzi kokha, ndipo ngongole ndidzatenga nditabwerako, yoti ndiyambirenso kupikula usipa.

Chotsala n'choti wodwalayo angakhale inu mwini. Mukakomoka, ndalama ya kubanki ndi ya mufoni yatsekeka limodzi nanu, ndipo mukamwalira abale amayenera kudutsa kwa DC kapena kukhoti kuti apeze makalata owalola kutapa, zomwe sizitheka maliro asanachitike. Choncho munthu mmodzi wodalirika adziwe pamene pali ndalama yapepala ija, ndipo ngati muli pabanja logwirizana, funsani kubanki za akaunti ya anthu awiri yomwe aliyense angatape payekha.