Khadi, Google Play kapena ndalama za pafoni: pamene amakudulani mwezi ndi mwezi

Anzanga a ku Kabwata mu Lusaka atopetsa ndi funso loti malipiro odzidula okha mwezi ndi mwezi ndi bwino kuwalipira ndi chiyani. Ine ndimayang'ana chimodzi: tsiku limene mwafuna kusiya, chitseko chili kuti?

Kupereka nambala ya khadi la Visa mwachindunji pa tsamba la kampani ndiko ndimadana nako. Kampani ina yophunzitsa pa intaneti inabisa batani losiyira, ndiye ndinailembera imelo pa 3 kuti ndasiya. Pa 10 inadulabe madola 12. Kubanki anandipatsa fomu yotsutsira malipiro, n'kufuna zinthu zitatu: imelo ija yoonetsa deti, sitetimenti yoonetsa ndalama yodulidwa, ndi umboni woti ndinayamba ndapempha kampaniyo kuti indibwezere. Mlandu wonse wagona pa madeti. Ngati munasiya asanadule, malamulo a Visa ali kumbali yanu, ndipo nthawi zambiri mumakhala ndi masiku 120 odandaulira. Ngati munangoiwala kusiya, banki ilibe pogwira. Ndipo musanene kuti akuberani khadi pamene munalembetsa nokha, chifukwa kampani ikatulutsa umboni mwagonja.

Madola 12 aja anabwerera patapita masabata. Koma ndalama imene banki inadula posintha makwacha kukhala madola inapitiratu, ndipo imeneyi imandiwawabe.

Google Play ndiyo ndimaikonda, chifukwa zonse zimene mukulipira zili pamalo amodzi. Dinani chithunzi chanu pamwamba, kenako `Payments & subscriptions`, `Subscriptions`, sankhani pulogalamuyo, mudine `Cancel subscription`. Mumapitiriza kuigwiritsa ntchito mpaka masiku amene munalipira kale athe. Kufufuta pulogalamu mufoni sikuimitsa kanthu, ambiri agwa pamenepa. Akakudulani mosayembekeza, pemphani kubwezeredwa maola 48 asanathe. Akadutsa, nthawi zambiri amakutumizani kwa mwini pulogalamu. A iPhone pemphani pa `reportaproblem.apple.com`, ndipo masiku aulere oyeserera asiyeni kudakali maola 24 kuti athe.

Khadi la pafoni lolumikizidwa ku Airtel Money limathandiza mbali imodzi: mukasiyamo ndalama zochepa, wodula amabwerera chimanjamanja. Komatu kumeneko si kusiya. Makampani ambiri amayesanso patapita masiku, ndipo angakupezeni tsiku limene mlongo wanu watumiza ya lendi.

Kudandaula ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, kumagwira bwino kampani ya kuno ku Zambia, ya kunja n'kovuta kuifikira. Banki ikakhalira dandaulo lanu, pitani nalo ku Bank of Zambia muli ndi nambala imene banki yanuyo inakupatsani polilandira.

Ine masiku ano pulogalamu ikakhala pa Google Play ndimalipirira komweko. Ikafuna khadi mwachindunji, ndimayamba ndafufuza batani losiyira, ndipo likasowa sindilembetsa.