Chithunzi cha ER cha pasukulu pathu, miyezi 8 chijambulireni

Mu Febuluwale ndinajambula dayagalamu ya ER, chithunzi chosonyeza zinthu zosungidwa mu databezi ndi maubale ake, ya kaundula wa ana pa sekondale ina kuno ku Angonia, kufupi ndi Ulongwe, ndipo databezi yake takhala tikuigwiritsa ntchito mpaka lero mu Okutobala. A dilekitala anandilembera tsamba limodzi ndi theka mu Chipwitikizi kufotokoza mmene sekeletariya imasungira zinthu, ine nkumadula mzere kunsi kwa mayina a zinthu, kuzinga mawu a ntchito, ngati mmene anatiphunzitsira. Mayina aja anasanduka mabokosi, ALUNO, TURMA, DISCIPLINA, PROFESSOR, mawu a ntchito nkukhala mizere yolumikiza. Dayagalamu ya ER ndi ya Peter Chen ya 1976 koma mizere ndinajambula ya phazi la khwangwala mu draw.io chifukwa amayi a ku sekeletariya amaimva msanga.

Mbali ya manota sinandivute pojambula. Pepala linati mwana amaphunzira madisipulina ambiri ndipo disipulina iliyonse ili ndi ana ambiri, ndiye M:N yoonekeratu, ndinaika bokosi la NOTA pakati lokhala ndi tirimesitile ndi nota ya 0 mpaka 20. Basi.

Pomwe ndinagwa mpa chiganizo chimodzi chooneka chosavuta: "mwana aliyense ali mu tuluma imodzi." Tuluma ndi kalasi ngati 10A. Ndinadzifunsa mafunso awiri aja, mwana mmodzi matuluma angati? imodzi. Tuluma imodzi ana angati? ambiri. Ndiye 1:N, nkuika nambala ya tuluma mkati mwa ALUNO momwemo.

```
ALUNO (1,1) --- (0,N) TURMA
```

Chiganizocho sichinali chabodza ayi, a dilekitala ankanena za lero, mwana lero ali mu tuluma imodzi, koma kaundula sasunga za lero zokha. Mu Juni mtsikana wina wa giredi 10 anapempha kuchoka mu 10A ya mmawa kupita mu 10C ya masana chifukwa mayi ake anadwala ndiye mmawa amayenera kukhala pakhomo. Amayi a ku sekeletariya anangosintha tuluma pa dzina lake, palibe china akanachita poti malo ake anali amodzi omwewo. Patatha sabata tikusindikizanso pauta, mndandanda wa ana ndi manota awo, ya tirimesitile yoyamba ya 10A, tinapeza mayina 61 pomwe pepala losainidwa kale lili ndi 62, ndipo manota ake onse atulukira pa pauta ya 10C kwa aphunzitsi oti sanamuphunzitsepo nkomwe. Amayi aja anawerenga ndi chala katatu, akuganiza kuti afufuta mwana mwangozi, zinandipweteka chifukwa cholakwa chinali changa.

Chizindikiro chake nchimenecho, mukasintha chinthu cha lero nkuona lipoti lakale lasinthanso, dziwani kuti mwaika 1:N pomwe nthawi ikadutsa pamakhala M:N. Ndipo chaka chikanatha zikanafika poipa, ana onse okwera giredi ndi obwereza omwe akanataya mbiri yawo tsiku limodzi.

Kukonza kwake ndinaika matirikula, kulembetsa kwa mwana mu tuluma, ngati bokosi pa lokha, lokhala ndi chaka, tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka.

```
ALUNO (1,N) --- (1,1) MATRICULA
MATRICULA (1,1) --- (0,N) TURMA
MATRICULA (0,N) --- (1,1) NOTA
```

Manambala ali pafupi ndi bokosi akunena kuti chinthucho chimalowa kangati mu ubalewo, loyamba ndi kochepetsetsa lachiwiri kochulukitsitsa. Ndanena dala chifukwa pa phazi la khwangwala chizindikiro chimakhala mbali inayo, ndipo ine ndi mnzanga wa infolomatika tinakanganapo ola lathunthu tikunena chimodzimodzi. Panopa nota imamangirira pa matirikula osati pa mwana, ndiye mtsikana uja ali ndi mizere iwiri, wa 10A wotsekedwa mu Juni ndi wa 10C wotsegula, pauta yakale inabwerera pa 62. Kusamutsa manota olowetsedwa kale kunandidyera masiku atatu a holide, pomwe kufunsa mu Febuluwale kuti "imodzi pa nthawi imodzi kapena imodzi mpaka kalekale?" kukanatenga mphindi.

Ziro uja wa (0,N) pa TURMA nayenso musamuone ngati chokongoletsa, ndi amene amatilola kutsegula matuluma a chaka chamawa ana asanalembetse.

Chomwe chithunzichi sichikwanitsa mpaka pano nchoti sichinena kuti mwana asakhale ndi mamatirikula awiri otsegula nthawi imodzi, (1,N) imangoti ambiri basi. Lamulolo ndinalilemba ndi bolopeni pansi pa chithunzi chomwe tinamata pakhoma, ndipo Lachisanu lililonse ndimayendetsa kafunso kofufuza ana oterowo. Mu Seputembala ndinapeza awiri. Pano ndikuyang'ana mzere wa makolo, pepala linati mwana ali ndi womuyang'anira mmodzi, koma kuno ambiri amabwera ndi amalume pa matirikula pomwe kumsonkhano kumabwera amayi, sabata ino ndikhala pansi ndi a dilekitala tiwerenge chiganizocho limodzi.