Ngongole ya 18 peresenti ndi ya 27 peresenti: yotsika mtengo ndi iti?

Mlamu wanga amasoka zovala ku Fordsburg kuno ku Joni. Mwezi watha anabwera kwathu ndi makotesheni awiri a ngongole ya R10,000 yobweza pa miyezi 12, yoti agulire makina ena osokera. Anali atasankha kale mumtima. "Alamu," anatero, "awa akuti 18 peresenti pachaka, enawa akuti 27. Apa pali chofunsanso?" Chofunsa chinalipo ndithu, ndipo chinali m'mizere ya zilembo zing'onozing'ono.

Ngongole yoyamba, ya 18 peresenti ija, inali ndi fizi yoyambira, imene pakotesheni amalemba kuti `initiation fee`, ya R1,207.50 yolipira tsiku lotenga ndalama. Sikuti akuba ayi. Malamulo a pansi pa National Credit Act, lamulo la ngongole la kuno ku South Africa, monga anawakonzera mu 2016, amalola R165 kuphatikizapo 10 peresenti ya ndalama yoposa R1,000, koma isapyole R1,050, ndipo mukaikapo msonkho wa VAT wa 15 peresenti imafika pa R1,207.50 pomwepo. Mwezi uliwonse mlamu akanabweza R916.80, n'kuonjezera fizi yapamwezi ya R69, zonse pamodzi R985.80.

Yachiwiri, ya 27 peresenti, inalibe fizi yoyambira. Pamwezi inali R960.17 ndi R69 yomweyo, kutanthauza R1,029.17.

Mukangoyang'ana, yoyamba yapambana kawiri: chiwongoladzanja chotsika, ndalama yapamwezi yotsikanso. Koma dzifunseni kuti m'thumba mukutsala zingati mukatuluka pakhomo. Pa yachiwiri muli ndi R10,000 yathunthu. Pa yoyamba mwalandira R10,000 n'kupereka pompo R1,207.50, ndiye mwatsala ndi R8,792.50, pamene chiwongoladzanja akuwerengera pa R10,000 yonse.

Mlamu anatenga kakyuleta n'kuchita zimene ambirife timachita. R985.80 kuchulukitsa ka 12 ndi R11,829.60, kuchotsa R8,792.50 kutsala R3,037.10. Pa yachiwiri, R12,350.04 kuchotsa R10,000 kutsala R2,350.04. Njira imeneyi sindiinyoza, chifukwa yaonetsa kale kuti yoyamba ikudya zambiri. Imagwira bwino ngati ngongole ziwirizo zili za miyezi yofanana komanso ndalama zoyandikana. Vuto limabwera munthu akagawa R3,037 ndi R10,000 n'kunena kuti mtengo wake ndi 30 peresenti pachaka. Sichoncho. Ndalamayo simukhala nayo chaka chonse, mumayamba kubweza mwezi woyamba womwe. Ikatha miyezi 6, ngongole yotsala imakhala R5,223 yokha, ndipo pamwezi womaliza simufika n'komwe pa R1,000. Mukulipira R3,037 pa ndalama imene ikunka ichepa m'manja mwanu, choncho peresenti yeniyeni iyenera kukhala yokwera kwambiri kuposa 30.

Peresenti yeniyeniyo timaipeza pofunsa funso mobwerera. Iwalani za 18 peresenti. Tiyerekeze kuti wina wakupatsani R8,792.50 popanda fizi ina iliyonse, ndipo akufuna R985.80 pamwezi kwa miyezi 12. Kodi akukulipiritsani chiwongoladzanja chanji pamwezi? Masamu ake ndi awa, pomwe `i` ndi chiwongoladzanja chapamwezi chimene tikufunacho:

```
8792.50 = 985.80 × (1 − (1 + i)^−12) / i
```

Palibe njira yachidule yosunthira manambalawa kuti `i` atsale yekha mbali imodzi. Pamafunika kuyesa. Ndinamuuza mlamu kuti aike 5 peresenti, kapena kuti 0.05. Mbali ya kumanja inapereka R8,737, yochepera pa R8,792.50, kusonyeza kuti takweza kwambiri. Tinatsitsa n'kuika 4.8 peresenti, inapereka R8,837, yopyola. Ndiye yankho lili pakati pa 4.8 ndi 5, chakufupi ndi 4.9. Njirayi ndi yochedwa ndipo n'zosavuta kusokoneza mabulaketi pa kakyuleta ya mufoni, koma ndimaikonda pophunzitsa munthu, chifukwa amadzionera yekha kuti peresenti ikakwera, mtengo walero wa ndalama zobweza mtsogolo umatsika.

Amene ali ndi Excel kapena Google Sheets, ngakhale pafoni, asavutike ndi kuyesaku. Kompyuta imayesa yokha:

```
=RATE(12,-985.80,8792.50)
=RATE(12,-1029.17,10000)
```

Mzere woyamba upereka 4.89 peresenti pamwezi, wachiwiri 3.41 peresenti. Samalani ndi chizindikiro chochotsera chija: ndalama yotuluka m'thumba mwanu iikidwe ndi `-`, yolowa ikhale yopanda. Mukaiwala, nthawi zambiri muona `#NUM!` m'malo mwa yankho. Komanso makompyuta ambiri a kuno amafuna `;` pakati pa manambala ndi `,` m'malo mwa kadontho, ndiye ikakana lembani `=RATE(12;-985,80;8792,50)`. Ikaonetsa 5% yokha, onjezerani manambala a pambuyo pa kadontho, apo ayi muchulukitsa nambala yolakwika.

Tsopano kuchoka pamwezi kupita pachaka, ndi pamene anthu amasiyana. Ena amangochulukitsa ka 12, ndipo yoyamba imakhala pafupifupi 59 peresenti, yachiwiri 41. Manambala amenewa ndi oyenera kuwaika pambali pa 18 ndi 27 za pakotesheni, popeza nazonso anazipeza pochulukitsa chiwongoladzanja chapamwezi ka 12. Ena amawerengera kuti chiwongoladzanja chimaberekana mwezi ndi mwezi:

```
=(1+0.04889)^12-1
```

Apa yoyamba ifika 77 peresenti, yachiwiri pafupifupi 49 ndi theka. Ine ndimatsata njira yachiwiriyi, chifukwa ndi imene imakulolani kuyerekeza ngongole yobweza pamwezi ndi ina yobweza pasabata, ngakhalenso katapila wa amashonisa. Chachikulu n'choti musasakanize, musatenge 59 wa uku n'kumuyerekeza ndi 49 wa uko.

Mlamu atangoona 77 anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa funso labwino: nanga akapempha kuti fiziyo aiphatikize mu ngongole kuti iye atenge R10,000 yathunthu? Zimatheka, ndipo obwereketsa ambiri amatero. Ngongole imakhala R11,207.50, yapamwezi imakwera kufika R1,096.50, ndipo mu `RATE` mumaika 10000 chifukwa ndi imene mwaigwiradi. Yankho ndi 4.5 peresenti pamwezi, pafupifupi 70 pachaka. Yatsikako pang'ono, koma yachiwiri ija siinaipeze.

Panali chinanso chimene chinandidetsa nkhawa. Iye amayembekezera kuti maoda a mayunifomu a mu Januwale akamuyendera, adzatseka ngongoleyo msanga. Pa yachiwiri zimenezo n'zomuthandiza, chifukwa chiwongoladzanja ndi R69 zija zimalekera pomwepo. Pa yoyamba R1,207.50 yapita basi, siibwerera, ndipo ikagawidwa pa miyezi 6 m'malo mwa 12 peresenti yapachaka imakwera kuposa 77.

Tisanatseke foni ndinamupempha kuti tionenso mzere wa inshulansi ya ngongole, chifukwa ikakhalapo nayonso iyenera kulowa mu ndalama yapamwezi musanaike mu `RATE`. Pa makotesheni ake onse awiri inali isanalembedwe. Lamulo limati mtengo wa pakotesheni usasinthe kwa masiku 5 ogwira ntchito, ndipo iye anali atatha awiri okha, choncho m'mawa mwake anapita kwa a 27 peresenti aja kukafunsa ndalama yapamwezi yokhala ndi inshulansi yomwe, kuti tidzaiikenso mu masamu asanasaine.