Misonkhano ya ku Blantyre: mukaone malo musanayambe, pakati, kapena mutamaliza?

Tiyerekeze kuti mukuchokera ku Lilongwe ndipo misonkhano yanu ku Blantyre ndi yokhazikika kale: Lachitatu 2 koloko masana m'tauni, Lachinayi 9 koloko m'mawa ku Limbe ndi ina 3 koloko ku Ginnery Corner, womaliza Lachisanu 9 koloko ku Makata. Mtima ukufunanso Mulanje, Zomba kapena Majete. Malo atatu onsewa ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Blantyre, choncho pa mapu amaoneka ngati pakhomo. Funso ndi lakuti muwaike pati.

Ena amanyamuka Lachiwiri kuti Lachitatu m'mawa athamangire ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, akwere mpaka pa Dziwe la Nkhalamba, n'kubwerera msonkhano usanayambe. Ubwino wake ndi woti mwafika kale mu mzinda, nkhawa ya basi kapena ndege yochedwa palibe. Koma werengani maola. Kupita ku Likhubula ndi ola limodzi ndi theka ngati msewu uli bwino, kukwera ndi kutsika kukudyerani maola awiri kapena atatu, kubwerera ola lina ndi theka, ndiye musambe, muvale, mudye. Mutanyamuka 6 koloko, mufika m'tauni cha m'ma 12 ngati palibe chakusokonezani. Tayala likaphulika ku Thyolo, kapena chiperoni chikatsika m'miyezi yozizira, mwatsala ndi ola limodzi lokha lopulumukira, ndipo mukalowa mu msonkhano miyendo ikunjenjemera. Ine njirayi ndimaikana. Phiri lisakhale patsogolo pa msonkhano womwe abwana anakutumirani.

Njira yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito mpata wa pakati pa misonkhano. Lachinayi lija likuoneka ngati lili ndi maola anayi opanda kanthu, kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko. Sali anayi ayi. Msonkhano wa 9 koloko umayamba anthu akakwana, ndipo ukatha mwinikhomo akati tiyeni tidye kaye, simungakane. Onjezanipo mdipiti wa galimoto pa msewu wa Masauko Chipembere nthawi ya nkhomaliro. Mwatsala ndi ola limodzi ndi theka. Mpata wotere ndi wa zinthu za mu mzinda momwemo: miyuziyamu ya ku Chichiri ili panjira pomwe pochokera ku Limbe, nyumba ya Mandala yomangidwa mu 1882 ili pafupi ndi Ginnery Corner, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe anamaliza kumanga mu 1891, ndi chongozungulira mphindi zochepa. Sankhanipo chimodzi. Njirayi siwononga ndalama, ndipo foni ikalira kuti msonkhano wasunthidwa, mufika msanga. Majete musamuganizire n'komwe: kutsika ku Chikwawa masana ndi kukapsa ndi dzuwa nyama zitabisala m'mithunzi.

Yachitatu, kuona malo misonkhano yonse itatha, ndi imene ndimaikonda, makamaka kwa amene ali pa galimoto. Lachisanu mukatuluka ku Makata cha m'ma 11, musabwerere njira ya ku Zalewa. Dzerani ku Zomba. Pofika 1 koloko muli pa Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo masana onsewo akukwanirani kuona damu la Mulunguzi ndi mathithi a Williams, mwinanso kukafika pa Emperor's View ngati galimoto ndi yokwera, poti misewu ya pamwambapo ndi yafumbi. M'mwezi wa Juni mdima umagwa isanakwane 6 koloko, ndiye mugone ku Zomba. Loweruka mudutsa pa Liwonde ndi Balaka n'kukumananso ndi M1 pa Chingeni. Mtunda wawonjezeka pang'ono chabe, pamene Mulanje kapena Majete akanakutengerani kumwera, kutali ndi kwanu. Msonkhano ukatalika, chomwe mwataya ndi mathithi, osati ntchito.

Vuto la njirayi ndi thumba. Alawansi imathera pa msonkhano womaliza, choncho chipinda cha Lachisanu usiku ndi chanu. Ngati galimoto ndi ya kuntchito, nenani musananyamuke kuti mudzera ku Zomba, mugwirizane za mafuta ndi za adalaivala, omwenso ali ndi banja lowadikira. Makilomita osalongosoka m'buku la galimoto amadzutsa mafunso ku akaunti. Amene mwakwera kochi kapena ndege ya ku Chileka, gulani tikiti yobwerera ya Loweruka madzulo kapena Lamlungu, chifukwa mudzayenera kubwereranso ku Blantyre kukakwera. Pamenepo Zomba sakhalanso wapanjira, ndiye Mulanje ndi Majete akufanana naye: mugone ku Likhubula kapena kufupi ndi chipata cha Majete, kuti mulawirire kusanatenthe.